Masabu 910 koma oonera 60: tchanelo ya Make Tadala yatani?

Make Tadala (Chinamwali): Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi vuto, odziwa andithandize. Tchanelo yanga ya YouTube ndi yophunzitsa kusoka, kudula nsalu, kuika zipi, zotero, zonse m'Chichewa. Ndili ndi masabu 240 okha, vidiyo iliyonse inkaonedwa ka 300 kapena 400. Kenako ndinalowa m'magulu awiri a sub4sub, momwe anthu amasinthanitsa masabu kuti iwe undipatse ine ndikupatse, ndipo panopa masabu ali 910. Mwezi watha ndinalipiranso munthu wina kuti andiikire mavyuzi 5,000 pa vidiyo ya diresi ya chitenje. Koma vidiyo yomwe ndaika sabata yatha yaima pa 60. Anthu achuluka, oonera achepa. Kodi andiletsa mobisa?

Kamera wa ku Matawale: Taswera achemwali. Tisanayambe kuganizira, tione manambala. Tsegulani YouTube Studio, dinani vidiyo yatsopanoyo, pitani pa Analytics. Tiuzeni zinthu zitatu: Impressions, Impressions click-through rate ndi Average view duration. Muchitenso chimodzimodzi pa vidiyo ina yakale, ya nthawi yomwe munali musanalowe m'maguluwo.

Mnyamata wa Chanco: Yankho n'lodziwikiratu ili. YouTube imayamba yaonetsa vidiyo kwa masabu ako. Akapanda kuonera, imaiponya. Mayi ali ndi masabu akufa 670, ndiye basi tchanelo yafa. Ayambe ina.

Make Tadala (Chinamwali): Yatsopanoyo ndi ya mphindi 9. Impressions 2,100, click-through rate 1.9%, Average view duration 0:50. Yakale ya siketi ya sukulu, nayonso mphindi 9, Impressions 5,200, click-through rate 6%, duration 3:40.

Kamera wa ku Matawale: Ndiye palibe amene wakuletsani. YouTube yayesa kuonetsa chithunzi cha vidiyo yanu ka 2,100, ndipo pa anthu 100 aliwonse, awiri okha ndi amene adina. Ochepa amene alowawo akutuluka mphindi imodzi isanakwane, pa vidiyo ya mphindi 9. Yakale ija anthu 6 pa 100 ankadina, n'kukhala mpaka pafupifupi mphindi zinayi. YouTube yokha imanena kuti theka la matchanelo amakhala pakati pa 2% ndi 10%, ndiye 6% inali bwino ndithu pa tchanelo yaing'ono, pomwe 1.9% yatsikira kunsi kwa malirewo.

Makina awo sadziwa kusoka. Sangaone kuti mzere wanu ndi woongoka. Chomwe amaona ndi khalidwe la anthu: ndani wadina, wakhala nthawi yaitali bwanji, amaoneranso zotani, wabwereranso kapena ayi. Akapeza kuti vidiyo yakondedwa ndi azimayi amene amaonera zosoka ndi nyimbo za Chichewa, amakafuna ena ofanana nawo n'kuwaikira pa tsamba loyamba. Umo ndi momwe munkapezera 400 muli ndi masabu 240 okha. Tsopano mwa masabu anu muli woimba, wa masewera a pafoni, wa mpira, wa ku Nigeria, wa ku Bangladesh, ndipo onsewa anabwera kudzafuna sabu yanu, osati singano.

Kamera wa ku Matawale: A Chanco, mwalondola mbali imodzi. Koma sikuti pali lamulo loti vidiyo iyambe yapambana kwa masabu kenako ipite kunja. Munthu aliyense amasankhiridwa mavidiyo potengera zomwe iyeyo amaonera. Ndipo sabu yakufa zenizeni, akaunti yomwe sitsegulidwa n'komwe, siingakutsitsireni click-through rate, chifukwa chithunzi sichinaoneke pamaso pa munthu. Oopsa ndi amoyo. Munthu wa sub4sub amatsegula foni tsiku lililonse, vidiyo yanu imamuonekera popeza anasabusikiraiba posachedwa, iye n'kungoidutsa. Kapena amalowa masekondi 20, kulemba "done, sub back", kujambula sikirinishoti yotumiza ku gulu, n'kutuluka.

Make Tadala (Chinamwali): Ma "done" amenewo ndi amene adzaza m'makomenti mwanga. Kale anthu ankafunsa za muyezo wa m'chiuno, pano mafunso otere sindikuwaonanso. Ndamva tsopano. Zili ngati ndatenga muyezo wa munthu wina n'kumasokera wina.

Mnyamata wa Chanco: Chabwino, koma zotsatira zake ndi zomwezo. Kaya akufa kaya amoyo, tchanelo yaipitsidwa.

DJ wa ku Mpondabwino: Ine sindikugwirizana nazo zonse izi. Kugula mavyuzi inde n'kolakwika, amenewo ndi maroboti. Koma sub4sub ndi anthu enieni, tikungothandizana. Ife a kuno tilibe ndalama zotsatsira, deta ndi yodula, ndiye tikagwirana manja mukuti ndi mlandu? Ine ndinafika 1,000 m'miyezi iwiri kudzera m'magulu omwewo, palibe chinandichitikira.

Kamera wa ku Matawale: A DJ, ndikumvetsa, ndipo nkhani ya deta ndi yoona. Koma ndifunse mwaulemu: pa tsamba la Earn, maola anu ali pa angati?

DJ wa ku Mpondabwino: 190. Koma akukwera pang'onopang'ono.

Kamera wa ku Matawale: Apo ndi pomwe pali nkhani. Kuyambira 2018, kuti munthu alowe mu YouTube Partner Program n'kumalandira za malonda, pamafunika masabu 1,000 komanso maola 4,000 oonera m'miyezi 12 yapitayi. Njira ina ndi masabu 1,000 omwewo komanso mavyuzi 10 miliyoni a Shorts, timavidiyo tatifupi tija, m'masiku 90. Masabu ndi khomo losavuta, lovuta ndi la maola. Maola 4,000 ndi mphindi 240,000. Anthu 1,000 anuwo, kuti akukwaniritsireni okha, aliyense ayenera kukuonerani maola anayi pa chaka. Munthu amene anakhala masekondi 20 kuti apeze sikirinishoti sadzachita zimenezo. Ndipo maolawa sadikira, a mwezi uno akatha chaka amachoka pa chiwerengero. Ukamayenda pang'onopang'ono kwambiri, akutsogolo akulowa akumbuyo akutuluka.

Zoti ndi anthu enieni sizisintha lamulo. M'malamulo awo a sipamu mawu oti sub4sub analembedwa momwemo kuti n'zosaloledwa.

DJ wa ku Mpondabwino: Lamulo lilipo inde, koma ndani amene mukumudziwa kuti anatsekeredwa chifukwa cha sub4sub yokha? Aliyense amachita.

Aphunzitsi a ku Domasi: Kutsekeredwa sindinaone ndi maso, koma kuchotseredwa masabu ndinaona. Mwana wa mlongo wanga anali pa 1,040, m'mawa mwake 880. Sanalandire uthenga uliwonse. YouTube imayeretsa nthawi ndi nthawi maakaunti omwe yawaona kuti ndi abodza kapena otsekedwa. Mu Disembala 2018 anachita kulengeza poyera kuti masabu a sipamu achotsedwa, ndipo anati matchanelo amene atsike pansi pa 1,000 atuluka mu pulogalamu yolipidwa. M'magulu amenewa ambiri amagwiritsa ntchito maakaunti asanu kapena khumi pa foni imodzi, ndiye oterowo ndi oyamba kugwa. Ena amangodikira masiku atatu n'kuchotsa okha sabu yawo.

Mlembi wa kwaya (Sadzi): Pepani ndalowa mochedwa. Ndiye kuti ife tikulakwa? Tikaika nyimbo timatumiza linki ku gulu la mpingo, ndipo abusa amalengeza Lamulungu kuti anthu asabusikiraibe. Atitsekera?

Aphunzitsi a ku Domasi: Ayi bambo, zimenezo n'zosiyana. Kupempha anthu kuti asabusikiraibe n'kololedwa. Anthu a mpingo akufunadi kumva nyimbozo, amamvera mpaka kumapeto, ena amabwereza. Cholakwika ndi kusinthanitsa, kuti ndikupatsa yanga ukandipatsa yako, kapena kulipira munthu kuti adine. Chimodzi chokha muwauze achinyamata a kwaya: asamatsegule nyimbo imodzi pa mafoni asanu n'kuisiya ikuzungulira usiku wonse. Mavyuzi otero sawerengedwa bwino, angowononga bandulo.

Mlembi wa kwaya (Sadzi): Zikomo aphunzitsi, ndiwauza. Ndinali ndi mantha.

Kamera wa ku Matawale: Tibwerere kwa Make Tadala, chifukwa mbali ya mavyuzi ogula sitinaikhudze, ndipo ndi yolemera kuposa ya masabu. Achemwali, tsegulani vidiyo ya diresi ija. Tiuzeni mavyuzi omwe alipo lero, Average view duration, kenako Traffic source ndi Top geographies.

Make Tadala (Chinamwali): Inafika 5,300 tsiku lachiwiri nditalipira. Lero ili pa 1,900. Duration ndi 0:31. Pa Traffic source zambiri zili pa External ndi Direct or unknown. Browse features ndi Suggested videos pafupifupi palibe. Maiko ndi Indonesia, Vietnam, Brazil, Malawi ili nambala 5. Munthuyo ndamufunsa za kutsikaku, akuti ndionjezere ndalama abwezeretse.

Kamera wa ku Matawale: Musamutumizirenso ngakhale tambala. Kutsika kuchoka pa 5,300 kufika pa 1,900 kukutanthauza kuti YouTube yazindikira kale ndipo yachotsa. Akabwezeretsa, adzachotsanso, ndipo mbiri ya vidiyo yanu idzakhala ndi mapiri awiri m'malo mwa limodzi.

Tiwerengetsere limodzi, muone chomwe munagula. Titenge kuti mavyuzi onse 5,000 akanakhalabe. Kuchulukitsa ndi masekondi 31 ndi masekondi 155,000, omwe ndi maola 43. Vidiyo yanu ya siketi, anthu 350 kuchulukitsa ndi mphindi 3 ndi masekondi 40, imapereka maola 21. Ndiye mavidiyo awiri anu wamba, opanda kulipira aliyense, amafanana ndi mavyuzi 5,000 ogulawo. Kuti mufike maola 4,000 ndi oonera a masekondi 31, pangafunike mavyuzi pafupifupi 465,000. Ndi oonera anu enieni a 3:40, pangafunike pafupifupi 65,000. Ndi ambiri ndithu, sindikubisa, koma maphunziro a kusoka anthu amawafufuza chaka chonse, vidiyo imodzi imatha kumabweretsa maola mwezi ndi mwezi.

Ndipo maola 43 amenewo si oti mungawadalire. Chomwe chimawerengedwa ndi chomwe amachitcha valid public watch hours. Zomwe aziona kuti n'zopanga sazilowetsa.

Make Tadala (Chinamwali): Diresi imeneyo inali vidiyo yanga yabwino kuposa zonse. Ndinajambula tsiku lonse, kuyambira kudula mpaka kupinda m'munsi. N'chifukwa chake ndinaisankha.

Kamera wa ku Matawale: Zimapweteka pamenepo, chifukwa anthu amagulira vidiyo yomwe amaikhulupirira kwambiri. Onani chithunzi cha mzere chomwe chili pa Engagement, chosonyeza pomwe anthu amasiyira. Vidiyo yoonedwa ndi anthu enieni mzere wake umatsika pang'onopang'ono, penapake umakwera pomwe anthu akubwereza, mwina poika zipi. Yanuyo muona kuti wagwa phompho pa theka la mphindi, kenako wagona pansi. Vidiyo yomwe ikanatha kupeza azimayi a ku Lilongwe, Mangochi, Chipata kapena Tete, makina aiona ngati yomwe anthu amaithawa, komanso oonera ake ali kumaiko komwe Chichewa sichimveka. Browse features ndi Suggested videos zomwe mukuti palibezo, ndiyo njira yomwe YouTube imakubweretserani anthu atsopano mwaulere.

Mnyamata wa Chanco: Funso langa ndi ili. Akafika 1,000 ndi 4,000, si zimangotseguka zokha? Makina angakumbuke za chaka chatha?

Aphunzitsi a ku Domasi: Sizitseguka zokha. Ukafika pa manambalawo umachita kupempha, umavomera mgwirizano, umalumikiza AdSense, akaunti ya Google yolandirira ndalama za malonda, kenako tchanelo imaunikidwa ndi makina komanso anthu. Nthawi zambiri zimatenga pafupifupi mwezi. Amaona mutu waukulu wa tchanelo, mavidiyo atsopano, mavidiyo oonedwa kwambiri, ndi omwe abweretsa maola ambiri. Ndiye vidiyo yoguliridwa ija, popeza ili pamwamba pa mndandanda, ili m'gulu la zomwe amayang'ana. Akakukana koyamba umatha kudandaula m'masiku 21, kapena kudikira masiku 30 n'kupemphanso. Akakukananso umadikira masiku 90.

Kamera wa ku Matawale: Ndionjezere pa aphunzitsi. Lamulo lake amalitcha Fake engagement policy, ndipo lili pansi pa Community Guidelines. Ukalakwira malamulo amenewa, koyamba nthawi zambiri amachenjeza. Kenako sitiraiki yoyamba, sabata imodzi osaika vidiyo. Yachiwiri m'masiku 90 omwewo, masabata awiri. Yachitatu, tchanelo imachotsedwa. Uli ndi sitiraiki yomwe sinathe, sungapemphe kulowa mu pulogalamu. Ndipo analemba momveka kuti ukalemba munthu ntchito yokweza tchanelo, zomwe iye achite zimagwera iwe. Zoti sindinkadziwa njira yomwe amagwiritsa ntchito sizikupulumutsa.

Wina akadutsa n'kuyamba kulipidwa, akapitiriza kugula, ndiye wafika poipa kwambiri. Pamenepo ndalama ndi za otsatsa malonda, ndipo Google imatcha zimenezo invalid traffic. Imatha kuchotsa ndalama zomwe zalowa kale, kuchepetsa malonda, kapena kutseka AdSense. AdSense imakhala imodzi pa munthu, ili pa dzina lako lenileni, ndiye si chinthu choti ungotsegula ina mawa ngati imelo.

DJ wa ku Mpondabwino: Koma tinene zoona. Kodi kuno kwathu n'kololedwa n'komwe kumonetaiza? Nanga tikuvutikiranji ndi malamulo a pulogalamu yomwe mwina sitingalowe?

Kamera wa ku Matawale: Funso labwino. Pulogalamuyi imayendera maiko, ndipo pomwe ndinayang'ana komaliza pa mndandanda wawo, South Africa, Kenya, Tanzania, Uganda ndi Zimbabwe analipo, Malawi panalibe. Aliyense aone yekha pa Earn, chifukwa mndandanda umasintha. Koma kwa ine zimenezo zikungolimbitsa mfundo. Tsiku lomwe khomo lidzatseguke, adzaunika tchanelo yomwe uli nayo ndi mbiri yake yonse. Ndipo panopa ndalama yomwe tchanelo ingabweretse kuno imachokera kwa anthu enieni. Make Tadala, munayamba mwapezapo kasitomala kudzera pa vidiyo?

Make Tadala (Chinamwali): Eya, angapo. Mayi wina anachoka ku Songani ndi nsalu zitatu za ukwati ataona ya bulauzi, anafika atatsegula vidiyoyo pa foni kuti ndisoke chimodzimodzi. Atsikana awiri ndikuwaphunzitsa Loweruka lililonse, amalipira pamwezi. Onsewa anabwera masabu ali 240. Chifikireni pa 910 palibe wabwera.

DJ wa ku Mpondabwino: Kusoka n'kosiyana ndi nyimbo. Ife oimba, munthu akaona masabu 80 sakupatsa ulemu, ngakhale wokonza zoimbaimba sakuitana. Nambala imatsegula makomo.

Aphunzitsi a ku Domasi: Pamenepo muli ndi mfundo a DJ, anthu amakopeka ndi nambala. Koma amene akufuna kuika ndalama yake amatsika m'munsi n'kuona mavidiyo. Masabu 1,000 ndi mavyuzi 45 pa nyimbo iliyonse zimaoneka msanga, ndipo zimachotsa ulemu kuposa masabu 80 okhala ndi mavyuzi 500.

DJ wa ku Mpondabwino: Mwina. Ine m'magulumo sindituluka panopa, koma kugula sindidzagula.

Mnyamata wa Chanco: Nanga kulipira YouTube yeniyeniyo kudzera pa Promotions kapena Google Ads? Si kugula komweko?

Kamera wa ku Matawale: Kumeneko n'kololedwa, chifukwa vidiyo imaonetsedwa ngati malonda kwa anthu enieni ndipo palibe chobisa. Koma dziwani musanawononge ndalama: maola obwera kudzera m'malonda sawerengedwa pa 4,000 aja. Chimodzimodzi maola a mavidiyo a Private, a Unlisted, ofufutidwa, ndi a Shorts oonedwa mu Shorts Feed. Ndiye ndi njira yodziwitsira anthu kuti ulipo, si njira yachidule yofikira pa malire.

Make Tadala (Chinamwali): Tsono ndichite chiyani? Ndifufute ya diresi? Ndiyambe tchanelo ina monga anenera a Chanco?

Kamera wa ku Matawale: Choyamba onani pa Dashboard ndi pa imelo ngati pali chenjezo lililonse. Ngati palibe, ine ndikanakhala pomwepo. Tulukani m'magulu onse awiri lero, wogulitsayo mumusiye, ndipo ngati munamupatsa pasiwedi kapena chilolezo cholowa mu tchanelo, sinthani ndi kumuchotsa. Makomenti a "sub back" fufutani, ndipo mawu amenewo muwaike pa Blocked words kuti asamaonekenso. Yanu ya diresi ndikanaiika pa Private, n'kujambula ina yatsopano ya diresi ya mtundu wina. Kubisako sikufufuta zomwe YouTube ikudziwa kale, koma vidiyoyo isiya kukhala nkhope ya tchanelo.

Poika mavidiyo otsatira, pa kompyuta dinani Show more, pali kabokosi kolembedwa Publish to subscriptions feed and notify subscribers. Yesani kukachotsa chizindikiro pa mavidiyo angapo, kuti anthu a m'magulu aja asalandire belu. Linki muitumize kwa ophunzira anu, makasitomala ndi magulu a matelala. Mitu ikhale mawu omwe munthu angalembe pofufuza, monga kasokedwe ka yunifomu ya sukulu kapena kaikidwe ka zipi yobisika, chifukwa obwera kudzera pa YouTube search amabwera akufuna kale. Masabu adzatsika, mwina mpaka 600, musadandaule nazo. Muziyang'ana duration ndi Returning viewers, anthu amene akubweranso kudzaonera.

Aphunzitsi a ku Domasi: Apa ndikusiyana nanu pang'ono a Kamera. Pa masabu 910, enieni ndi 240, kutanthauza kuti atatu pa anayi aliwonse ndi olakwika, ndipo palibe njira yapafupi yowachotsera onse. Chotaya n'chochepa. Popeza tchanelo sinatsekedwe, kutsegula ina n'kololedwa. Ine ndikanayamba yatsopano n'kuitana anthu enieniwo.

Kamera wa ku Matawale: Koma mavidiyo akale monga ya siketi akubweretsabe anthu kudzera pofufuza, ndipo malo amenewo sasamuka. Vidiyo iliyonse yatsopano imapezanso oonera ake. Achemwali, onani masiku 28 apitawa, YouTube search yabweretsa mavyuzi angati pa tchanelo yonse?

Make Tadala (Chinamwali): 410. Ambiri ndi a siketi ndi a bulauzi. Chenjezo palibe, ndaona. Pasiwedi sindinamupatse, linki yokha.

Aphunzitsi a ku Domasi: 410 si ochepa, ndavomera. Ndiye yesani njira ya a Kamera pa mavidiyo asanu kapena asanu ndi limodzi. Duration ikapanda kubwerera ku mphindi zitatu, ndikhalabe pa mawu anga oti muyambe ina.

Make Tadala (Chinamwali): Ndatuluka m'magulu onse. Sukulu zikutsegula posachedwa, ndiye ndiyamba ndi ya yunifomu. Kompyuta ndilibe, kabokosi kaja pa foni sindikukaona.

Kamera wa ku Matawale: Tsegulani studio.youtube.com pa Chrome, musankhe Desktop site, zilembo zikhala zazing'ono koma kaoneka. Zikakanika, Lachisanu masana ndikhala m'tauni pafupi ndi msika, mubwere ndi foni tidzaikire limodzi pa laputopu yanga.